Boma likabwereka, amalephera kubwereka ndani? Kukwera kwa chiwongoladzanja ndi mmene mayeso amakufunsira

Boma likawononga ndalama zoposa zimene latolera pa misonkho, zopereweraza limabwereka. Lilibe malo akeake obwerekako. Limalowa pamsika womwewo umene kampani yofuna kugula makina ndiponso banja lofuna ngongole ya nyumba amabwerekako, ndipo ndalama za pamsikawo ndi zimene anthu asunga, sizingochuluka chifukwa choti kwabwera wobwereka wina. Obwereka akachuluka pamene osunga sanachuluke, mtengo wa ngongole umakwera, ndipo mtengo umenewu ndiwo chiwongoladzanja. Chikakwera, makampani ena amasiya ntchito zimene anakonza. Kukankhidwira kunja kwa mabizinesi kumeneku ndi kumene ophunzira za chuma amati kilaudingi auti.

Wophunzira wokonzekera mayeso akhoza kuloweza ndime imeneyi n'kulakwabe funso lake. Nthawi zambiri cholakwika chimakhala chimodzi: saona kusiyana pakati pa ngongole zonse za pamsika ndi ngongole za mabizinesi okha. Njira yabwino yothetsera chisokonezocho ndi kutenga ndalama imene boma labwereka n'kuilondola mpaka titadziwa kumene yachokera.

Mmene chiwongoladzanja chimakwerera

Boma limabwereka pogulitsa zikalata za ngongole, zimene ambiri amazitcha mabondi. Tiyerekeze chikalata cholonjeza kuti mwini wake adzalandira 100 chaka chikatha. Wogula akachigula pa 96, phindu lake ndi 4 pa 96 zimene watulutsa, kapena kuti pafupifupi 4.2 peresenti. Tsopano boma lafuna kugulitsa zikalata zambiri kuposa zimene ogula anakonzeka kutenga pa mtengo umenewo. Kuti zonse zithe, mtengo uyenera kutsika. Ukafika pa 95, wogula akupindula 5 pa 95, kapena kuti pafupifupi 5.3 peresenti. Palibe amene walamula kuti chiwongoladzanja chikwere. Chakwera chokha chifukwa mtengo wa chikalata watsika, ndipo zinthu ziwirizi zimayenda mosemphana nthawi zonse.

Kukwerako sikuthera pa zikalata za boma. Banki imene ikhoza kupeza 5.3 peresenti pobwereketsa boma sivomera kupatsa kampani ngongole pa 5 peresenti, poti kampani ikhoza kugwa osabweza. Choncho ngongole za makampani ndi za mabanja nazo zimakwera mtengo.

Taganizirani kampani imene ikufuna makina a ndalama zokwana 1,000. Ikachotsera zonse zowonongera, ikuona kuti makinawo aziwonjezera phindu la 45 chaka chilichonse, kutanthauza 4.5 peresenti. Chiwongoladzanja chikakhala 4 peresenti, ngongole ya makinawo imadya 40 pachaka ndipo kampani imatsala ndi 5. Chikafika pa 5 peresenti, ngongole imadya 50 ndipo kampani imaluza 5. Makinawo sagulidwa. Ngakhale kampani imene ili ndi ndalama zakezake, yosafunika kubwereka, imawerengera chimodzimodzi, chifukwa 1,000 yakeyo ikanatha kuibwereketsa n'kulandira 50 popanda kuvutika ndi makina. Ntchito zimene zimafa poyamba ndi zimene phindu lake linali pafupi kwambiri ndi chiwongoladzanja chakale. Za phindu lalikulu zimapitirira.

Chiwongoladzanja chimene kampani imayang'ana ndi chenicheni, chimene chimatsala mukachotsera kukwera mitengo kwa zinthu. Banki ikati 9 peresenti pamene mitengo ikuyembekezeka kukwera ndi 5 peresenti, chenicheni ndi 4 peresenti. N'chifukwa chake pa galafu ya msika wa ndalama zobwereketsa, mzere woimirira umalembedwa kuti chiwongoladzanja chenicheni. Wophunzira amene walemba dzina lina pa mzerewo wataya malikisi asanayambe n'komwe kufotokoza.

Kulondola 50 imene boma labwereka

Tiyeni tipange msika wongoyerekezera. Manambala onse ali m'mabiliyoni a ndalama ya dziko lililonse limene mungaganize, ndipo r ndi chiwongoladzanja chenicheni m'maperesenti. Osunga ndalama amabwereketsa zambiri r akakwera, pamene mabizinesi amabwereka zochepa:

S = 100 + 20r

I = 300 − 30r

S ndi ndalama zimene anthu asunga ndipo akuzibwereketsa. I ndi zimene mabizinesi akubwereka kuti agule makina, amange nyumba ndi kuwonjezera katundu. Boma lisanabwereke, msika umakhazikika pamene ziwirizi zafanana. 100 + 20r = 300 − 30r, choncho 50r = 200, ndipo r ndi 4. Pa 4 peresenti osunga akupereka 180 ndipo mabizinesi akutenga 180 yonseyo.

Tsopano boma likufuna kubwereka 50, ndipo silibwerera m'mbuyo ngakhale chiwongoladzanja chikwere, poti bajeti yadutsa kale. Ofuna ngongole onse pamodzi akufuna 350 − 30r. Tikafananitsa ndi za osunga, 100 + 20r = 350 − 30r, choncho 50r = 250, ndipo r wafika pa 5. Pa 5 peresenti osunga akupereka 200. Boma latenga 50 pa 200 imeneyo, ndipo mabizinesi atsala ndi 150. Mukhoza kutsimikiza poika 5 mu I: 300 − 150 ndi 150.

Apa m'pamene pafunika kudekha. Ngongole zonse za pamsika zakwera kuchoka pa 180 kufika pa 200. Ngongole za mabizinesi zatsika kuchoka pa 180 kufika pa 150. Zonse ziwiri ndi zoona pa nthawi imodzi. Boma labwereka 50 koma msika wakula ndi 20 yokha, ndipo 30 yotsalayo yalandidwa kwa mabizinesi. 30 ameneyu ndiye kukula kwa kukankhidwako. Wophunzira amene wangoyang'ana pamene mizere yadutsana n'kuona 200 amalemba kuti mabizinesi abwereka zambiri, pamene zoona zake n'zakuti abwereka zochepa.

Nanga 20 uja wachokera kuti? Wachokera kwa mabanja amene aona kuti kusunga tsopano kuli ndi phindu, ndipo achepetsa zogula kuti asunge. Ngati chuma cha dziko chikupanga kale zonse zimene chingathe, moti ndalama zimene anthu amapeza sizikwera, ndiye kuti 20 wowonjezera pa zosunga ndi 20 wochotsedwa pa zogula za mabanja. Mukaphatikiza, mabizinesi achepetsa ndi 30, mabanja achepetsa ndi 20, boma lawonjezera ndi 50. Zogula za dziko lonse sizinasinthe. Chasintha ndi amene akugula ndi zimene akugula. Mfundo imeneyi ophunzira ambiri amailumpha, komatu ndi imene imasonyeza kuti munthu wamvetsa: si mabizinesi okha amene amakankhidwa, komanso chilichonse chimene anthu amagula pa ngongole kapena angachizengereze, monga nyumba ndi galimoto.

Mmene 50 ameneyu amagawikira zimadalira mmene osunga ndi mabizinesi amamvera chiwongoladzanja chikasintha. Tiyerekeze kuti osunga sasintha chilichonse, amapereka 180 basi kaya r akwere bwanji. Pamenepo 350 − 30r = 180, r amafika pafupifupi pa 5.7, ndipo mabizinesi amatsala ndi 130. Boma latenga 50 yense kwa mabizinesi. Komano ngati osunga ali okonzeka kupereka ndalama zilizonse pa 4 peresenti, r sasuntha ndipo mabizinesi amatengabe 180 yawo. Pa galafu, mzere wa osunga ukakhala woimirira kwambiri kukankhidwa kumakula, ukakhala wogona kumachepa. Maiko enieni amakhala pakati pa malire awiriwa.

Magalafu awiri a nkhani imodzi

Pali chinthu chimene chimasokoneza ngakhale ophunzira akhama. Aphunzitsi ena amajambula kubwereka kwa boma posuntha mzere wa ofuna ngongole kupita kumanja, monga tachitira pamwambapa. Ena amasuntha mzere wa osunga kupita kumanzere. Palibe wolakwa pa awiriwa. Achiwiriwa amawerengera boma ngati mmodzi wa osunga: misonkho ikaposa zowononga ndiye kuti boma lasunga, ikaperewera ndiye kuti ladya zimene ena asunga. Zosunga za dziko lonse zikhala zosunga za anthu kuchotsera kuperewera kwa bajeti.

Tiwerengenso chitsanzo chathu m'njira imeneyi. Zosunga za dziko lonse ndi 100 + 20r − 50, kapena kuti 50 + 20r. Mzere wa mabizinesi sunasunthe, udakali 300 − 30r. Tikafananitsa, 50r = 250 ndipo r ndi 5, monga poyamba paja. Koma kuchuluka kwa ngongole pamene mizere yadutsana tsopano ndi 150, osati 200. Kwatsika m'malo mokwera, chifukwa pa galafu iyi mzere wogona ukuwerenga ngongole za mabizinesi zokha.

Choncho funso lakuti kuchuluka kwa ndalama zobwereketsa kukwera kapena kutsika lilibe yankho limodzi, limadalira galafu imene mwajambula. Zimene sizisintha ndi ziwiri: chiwongoladzanja chenicheni chakwera, ndipo ndalama zimene mabizinesi aika pa zipangizo zatsopano zatsika. Olemba mayeso amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake mafunso abwino amafunsa za ziwirizi. Chimene simuyenera kuchita ndi kusuntha mizere yonse iwiri pa galafu imodzi. Mukatero mwawerenga kuperewera kwa bajeti kawiri. Sankhani njira imodzi, makamaka imene silabasi yanu imagwiritsa ntchito, ndipo zimene mwalemba m'mawu zigwirizane ndi zimene mwajambula.

Ife timaona kuti njira ya ofuna ngongole ndiyosavuta kuimva, koma ili ndi msampha umodzi. Pa galafuyo ngongole za mabizinesi sizionekera pamene mizere yatsopano yadutsana. Kuti muzipeze, yambirani pa chiwongoladzanja chatsopano, 5 peresenti, tsatani mzere wogona mpaka mugunde mzere wakale wa ofuna ngongole, kenako tsikani pansi. Pamenepo ndi pa 150. Mtunda wa pakati pa 150 ndi 180 ndi kukankhidwa, ndipo wa pakati pa 150 ndi 200 ndi ngongole ya boma. Wophunzira amene waonetsa mfundo zitatuzi pa galafu yake wayankha funso lonse ndi chithunzi chimodzi.

Kusiyanitsa kusuntha kwa mzere ndi kuyenda pa mzere

Mabizinesi akachepetsa zobwereka chifukwa r wakwera, mzere wawo sunasunthe. Angokwera m'mwamba potsata mzere womwewo. Mzere wa mabizinesi umasuntha pokhapokha pasinthe china chosakhala chiwongoladzanja, monga chiyembekezo cha malonda, msonkho wa makampani kapena luso latsopano. Ophunzira ambiri akaona kuti I watsika amasuntha mzere wa mabizinesi kupita kumanzere. Akatero chiwongoladzanja pa galafu yawo chimatsikanso, ndipo amapezeka akunena kuti kukwera kwa chiwongoladzanja kwatsitsa chiwongoladzanja. Mukaona kuti yankho lanu lazungulira chonchi, dziwani kuti mwasuntha mzere umene sunafunike kusuntha.

Mayeso ena amafunsa nkhani yomweyi kudzera pa msika wa ndalama, umene ndi wosiyana ndi msika wa ndalama zobwereketsa. Pa galafu imeneyo mzere woimirira wa m'mphepete umaonetsa chiwongoladzanja chimene mabanki amatchula, kukwera mitengo kusanachotsedwe, ndipo kuchuluka kwa ndalama m'dziko ndi mzere woimirira chilili, poti amakukhazikitsa ndi banki yaikulu. Boma likawonjezera zogula, ndalama zimene anthu amapeza zimakwera, malonda amachuluka, ndipo anthu amafuna kukhala ndi ndalama zambiri pafupi zogulira zinthu. Mzere wa ofuna ndalama umapita kumanja ndipo chiwongoladzanja chimakwera. Mzere wa kuchuluka kwa ndalama susuntha. Boma likagulitsa zikalata kwa anthu n'kuwononga ndalamazo, ndalama zangochoka m'manja ena kupita m'manja ena. Kusuntha mzere umenewu pa funso la bajeti ndi kusokoneza ntchito ya unduna wa zachuma ndi ya banki yaikulu, ndipo ochonga mayeso sakhululuka pamenepa.

Funso la kuchulukitsa

Chitsanzo cha 50 chija chinali cha dziko limene anthu ndi mafakitale onse ali pa ntchito. Dziko likakhala ndi anthu ambiri osowa ntchito ndi makina ongokhala, zinthu zimasiyana. Ndalama za boma zimalemba anthu ntchito, anthuwo amagula zinthu, ogulitsa nawo amagula kwa ena, ndipo ndalama zimene dziko limapeza zimakwera kuposa zimene boma linatulutsa. Pa ndalama zatsopanozo anthu amasungako gawo, choncho zosunga zimakula popanda kudikira kuti chiwongoladzanja chikwere kwambiri. Kukankhidwa kumakhalapo koma ndi kwa gawo chabe.

Funso la masamu limene limabwera kawirikawiri lili motere. Anthu amawononga 0.8 ya ndalama iliyonse yowonjezera imene alandira. Boma lawonjezera zogula ndi 50 pobwereka. Kodi zopanga za dziko zingakwere ndi zingati pakapanda kukankhidwa? Nambala yochulukitsira imapezeka motere:

1 / (1 − MPC) = 1 / (1 − 0.8) = 5

MPC ndi gawo lowonongedwa lija, 0.8. Yankho ndi 50 × 5, kapena kuti 250. Kenako funso limapitiriza: chiwongoladzanja chakwera ndipo mabizinesi achepetsa zogula zawo ndi 10. Kodi tsopano zopanga zikwera ndi zingati? Ambiri amachotsa 10 pa 250 n'kulemba 240. Uku n'kulakwa. 10 amene mabizinesi sanawononge nayenso akanazungulira m'chuma monga mmene 50 wa boma wazungulirira. Wogulitsa makina sanalandire 10, choncho sanagule zinthu za 8, ndipo amene akanalandira 8 sanagule za 6.4, mpaka m'tsogolo. Chotsani poyamba, chulukitsani pambuyo: (50 − 10) × 5 ndi 200. Kuchepa kwa 10 kwadya 50 pa zopanga za dziko.

Pa galafu ya zofuna kugula za dziko lonse, imene mzere wake umalembedwa AD, izi zimaoneka ngati mzere wasuntha kupita kumanja n'kubwerera pang'ono. Sufunika kubwerera kupitirira pamene unayambira. Mafunso osankha yankho amakonda kuika yankho lakuti zopanga za dziko zitsika, kuti akole amene akuganiza kuti kukankhidwa kumagonjetsa zonse. Yankho lolondola nthawi zambiri ndi lakuti zikwera koma mochepera zimene nambala yochulukitsira ikunena. Funso likanena kuti kukankhidwa ndi kwathunthu, ndiye kuti AD sasuntha n'komwe. Ndipo mukaona mawu onena za kukwera kwakukulu kumene kungatheke, dziwani kuti wofunsa akufuna 250, kukankhidwa kusanawerengedwe.

Muyeneranso kuona mmene boma lapezera ndalamazo. Likakweza misonkho ndi 50 n'kuwononga 50, kuperewera kwa bajeti sikunakule ndipo boma silinabwereke zowonjezera, choncho simungasunthe mzere wa ofuna ngongole ndi 50. Likatsitsa misonkho osachepetsa zowononga, liyenera kubwereka ngakhale silinagule chatsopano chilichonse. Chimene chimayambitsa nkhaniyi pa msika wa ndalama zobwereketsa ndi kukula kwa kuperewera kwa bajeti. Ndipo zimayendanso chobwerera: boma likachepetsa kuperewerako, r amatsika ndipo mabizinesi amabwereka zambiri.

Pamene ndalama zimadutsa malire

Dziko limene ndalama zimalowa ndi kutuluka momasuka lili ndi njira ina imene kukankhidwa kumadutsira. Chiwongoladzanja chikakwera, anthu akunja amafuna kugula zikalata za dzikolo. Kuti azigule ayenera kugula ndalama ya dzikolo poyamba, ndipo ngati mphamvu ya ndalamayo imasintha potsata msika, imakwera. Katundu wa dzikolo amadula kwa ogula akunja pamene katundu wakunja amatsika mtengo kwa eni dziko. Zogulitsa kunja zimachepa, zogula kunja zimachuluka. Ndalama zakunjazo zimathandiza kuti r asakwere kwambiri, moti mabizinesi obwereka amapulumukako, koma mavutowo amagwera makampani ogulitsa kunja.

Izi zinaoneka ku United States m'zaka zoyambirira za m'ma 1980. Boma linatsitsa misonkho n'kuwonjezera ndalama za asilikali, ndipo mu 1983 kuperewera kwa bajeti kunafika pafupifupi 6 peresenti ya zopanga za dziko. Nthawi yomweyo banki yaikulu, motsogozedwa ndi Paul Volcker, inali kulimbana ndi kukwera mitengo kwa zinthu, choncho sinachulukitse ndalama kuti ithandize boma. Chiwongoladzanja chenicheni chinakwera, ndalama zakunja zinalowa, dola inalimba kwambiri pakati pa 1980 ndi 1985, ndipo dzikolo linayamba kugula kunja zambiri kuposa zimene linkagulitsa. Mu Seputembala 1985 maiko asanu, United States, Japan, West Germany, France ndi Britain, anagwirizana ku New York kuti afooketse dola. Onani kuti pa nkhaniyi panali zinthu ziwiri, bajeti ndi banki yaikulu. Kuika mlandu wonse pa bajeti yokha kungakhale kuphonya theka la nkhani.

Funso lalitali la mayeso limatsata ndondomeko yomweyi, gawo lililonse likudalira la m'mbuyo mwake: jambulani msika wa ndalama zobwereketsa, nenani chimene chachitikira r, nenani kumene ndalama zakunja zikulowera, jambulani msika wa ndalama zakunja, nenani chimene chachitikira zogulitsa kunja. Pa gawo lililonse pamene alemba kuti fotokozani, kunena kuti chinthu chakwera sikokwanira. Lembani chifukwa chake m'chiganizo chathunthu, monga chakuti akunja akufuna ndalama ya dzikoli kuti agule zikalata zimene tsopano zili ndi phindu lalikulu. Mawu akuti zikalata ndi ofunika. Akunjawo sakufuna katundu wa dzikolo, akufuna chiwongoladzanja chake.

Gawo lomaliza limakonda kufunsa za zaka zam'tsogolo. Makina amene sanagulidwe chaka chino ndi makina amene antchito sadzakhala nawo zaka zikubwerazo. Zipangizo za dziko zikamakula pang'onopang'ono, zimene wantchito mmodzi amapanga nazo zimakula pang'onopang'ono. Yankho lonena kuti chuma chidzakula mochedwa chifukwa chiwongoladzanja chakwera ndi loperewera. Liyenera kudutsa pa zipangizo: r wakwera, mabizinesi agula zipangizo zochepa, zipangizo za dziko zikula mochedwa, kukula kwa chuma kuchedwa.

Nthawi imene kukankhidwa sikuoneka

Mkangano wa nkhaniyi ndi wakale. Mu 1929 Winston Churchill, amene anali nduna ya zachuma ku Britain, anauza nyumba ya malamulo kuti kubwereka kwa boma pofuna kupanga ntchito sikungawonjezere ntchito zokhalitsa. Maganizo a unduna wake anali akuti ndalamazo zikanagwiritsidwa ntchito ndi mabizinesi. Katswiri wa zachuma John Maynard Keynes anatsutsa, ponena kuti pamene anthu ambiri alibe ntchito, ndalama za boma zimakweza zimene anthu amapeza ndipo zosunga zimakula nazo. Mukayang'anitsitsa, awiriwa ankakamba za zitsanzo ziwiri zimene tawerenga: china cha dziko lodzaza ntchito, china cha dziko la makina ongokhala.

Zimene zinachitika chuma cha dziko lapansi chitagwa mu 2008 zikusonyeza mbali yachiwiriyi. Mu 2009 kuperewera kwa bajeti ya United States kunayandikira 10 peresenti ya zopanga za dziko, kuposa kwa 1983. Komabe chiwongoladzanja chinakhala chotsika kuposa mmene chinalili chuma chisanagwe. Cha zikalata za boma za zaka 10 chinali pafupifupi 5 peresenti pakati pa 2007, ndipo mu 2012 chinali pansi pa 2 peresenti. Mabizinesi sankafuna kubwereka poti analibe owagula, mabanja ankabweza ngongole ndi kusunga, ndipo banki yaikulu inasunga chiwongoladzanja chake pakati pa 0 ndi 0.25 peresenti kuyambira Disembala 2008 mpaka Disembala 2015, ikugulanso zikalata zambiri. Izi sizikutsutsa galafu yathu. Galafu imanena chimene kubwereka kwa boma kumachita zina zonse zikakhala chimodzimodzi, ndipo m'zaka zimenezo mizere ina yonse inali kusuntha molowera kutsitsa r.

Banki yaikulu ikhozadi kuletsa kukankhidwa. Ikamagula zikalata pamene boma likugulitsa, mtengo wa zikalata sutsika ndipo chiwongoladzanja sichikwera. Funso likafunsa chimene banki yaikulu ingachite kuti mabizinesi asakankhidwe, yankho ndi limeneli: igule zikalata kapena itsitse chiwongoladzanja chake. Koma njira imeneyi ili ndi malire. Chuma chikakhala chodzaza kale, ndalama zowonjezerazo sizipanga katundu wowonjezera, zimangokweza mitengo. Obwereketsa akazindikira kuti mitengo ikwera amafuna chiwongoladzanja chachikulu kuti asaluze, ndipo chimene banki yaikulu inkapewa chimabwera mochedwerapo.

Pa mafunso a nkhani yaitali, amene amati kambiranani ngati kubwereka kwa boma kumachepetsa ndalama zimene mabizinesi amaika pa zipangizo, malikisi apamwamba amapita kwa amene wanena zimene yankho likudalira n'kusankha chachikulu mwa izo. Ife timaika patsogolo funso lakuti chuma chili ndi antchito ndi makina ongokhala kapena ayi, chifukwa ndilo limatsimikiza ngati zosunga zingakule popanda r kukwera. Chachiwiri ndi zimene banki yaikulu ikuchita. Chachitatu ndi chimene boma lagula ndi ngongoleyo. Boma likabwereka 50 n'kumanga malo opangira magetsi kapena doko, zipangizo za dziko zakula ndi 50 ngakhale za mabizinesi zachepa ndi 30, ndipo fakitale imene inkaima chifukwa cha kuzima kwa magetsi ikhoza kuona kuti makina aja a 4.5 peresenti tsopano abweretsa 6. Pamenepo mzere wa mabizinesi wasunthadi kupita kumanja, poti chasintha ndi phindu loyembekezeka. Likabwereka 50 yemweyo kuti lilipire zinthu zimene zitha chaka chomwecho, 30 wa mabizinesi watayika popanda cholowa m'malo mwake.

Ophunzira ena amawonjezera mfundo imene katswiri wa zachuma Robert Barro anaikonzanso mu 1974, yakuti anthu akadziwa kuti ngongole ya lero ndi msonkho wa mawa amasunga zambiri pokonzekera. Boma likatsitsa misonkho ndi 50 pobwereka, anthu n'kusunga 50 yenseyo, mzere wa osunga umapita kumanja ndi 50 ndipo r amakhalabe pa 4. Mukhoza kutsimikiza ndi manambala athu: 150 + 20r = 350 − 30r, ndipo mabizinesi akutengabe 180. Mfundoyi ndi yoyenera kuitchula pamodzi ndi zofooka zake. Imafuna kuti anthu aziona patali, azitha kubwereka mosavuta, ndiponso aziganizira misonkho imene ana awo adzalipire. Banja limene ndalama zake zimathera pa zofunika za mwezi womwewo likachotseredwa msonkho limagula zinthu, silisunga. Ngati anthu asunga 20 yokha mwa 50 uja, 120 + 20r = 350 − 30r, r amakhala 4.6 ndipo mabizinesi amabwereka 162, kutanthauza kuti akankhidwa ndi 18 m'malo mwa 30.